Chidindo chagwera pa zolemba: ndimasulire kapena ndifotokoze?

"Anditumizira pa WhatsApp chithunzi cha kalata ya malo yochokera kwa amfumu kufupi ndi Chipata. Chidindo ndi siginecha zaphimba mawu ena. Pomasulira m'Chingerezi nditani?"

Musanayambe, pemphani chithunzi cha tsamba lonse ndi china chapafupi pa chidindo, azitumize ngati Document kuti zisafooke.

1. Masulirani kaye mawu otayipidwa onse ooneka.

2. Siginecha simasuliridwa ndipo musaikopere. Lembani `[signature]` pamalo pake. Dzina likhale pokhapokha ngati lalembedwa momveka pansi pake.

3. Chidindo chimafuna zonse ziwiri. Chifotokozeni, mwachitsanzo kuti ndi chozungulira, cha inki yabuluu, kenako masulirani mawu ake ndi deti mkati mwa `[stamp: ...]`. Chidindo chotukuza pepala chopanda inki sichioneka bwino pachithunzi. Achijambulenso kuwala kukuchokera m'mbali.

4. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: kuganizira mawu ophimbidwa. Ngati kukula kwa munda kukuoneka "2" kenako inki, musalembe 25 kapena 2.5. Lembani `2[illegible, covered by stamp]`. Nambala yongopeka ingayambanitse anthu pa malire.

5. Pomaliza nenani kuti mwamasulira kuchokera pachithunzi, osati pepala lenileni.