Kuika nkhope pa mutu wina mu Photoshop osasiya msoko

Tinene kuti mwajambula ukwati. Chithunzi cha panja pa tchalitchi chatuluka bwino, koma mkwati watsinzina. Muli ndi china cha muholo pomwe maso ake ali otsegula. Ntchito ndi yotenga nkhope ya muholo n'kuiika pa mutu wa panja. Njirayi ndi yomweyo ngakhale nkhope ndi mutu zikhale za anthu awiri osiyana, bola eni ake avomereze.

Musanagwire chilichonse, yang'anani komwe mitu iwiriyo yapenya. Nkhope yoyang'ana kutsogolo siikhala pa mutu wocheukira kumbali, ngakhale muikoke motani. Onaninso mthunzi wa mphuno. Ngati pa chithunzi china wagwera kumanja pomwe pa chinacho uli kumanzere, funani chithunzi china. Zikavuta mutha kuitembenuza nkhopeyo ndi Flip Horizontal, koma achibale amazindikira msanga chipsera kapena kadontho ka patsaya kakasamukira tsaya lina.

Tsegulani zithunzi zonse ziwiri. Pa cha muholo dinani L kuti mutenge Lasso, ndipo zungulizani nkhope motayirira, pamodzi ndi chipumi, makutu ndi chibwano. Zotsalira mudzazibisa, koma zomwe simunatenge simungazibweze. Dinani Ctrl+C, pitani pa chithunzi cha panja, kenako Ctrl+V. Nkhope ibwera pa leya yakeyake pamwamba pa Background. Dinani leyayo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Convert to Smart Object, kuti muziikulitsa ndi kuichepetsa kangapo popanda kuwononga chithunzi.

Tsopano tsitsani Opacity kufika pa 50% kuti nkhope zonse ziwiri zizionekera pamodzi, kenako dinani Ctrl+T. Yambani ndi maso. Ikani ngodya yamkati ya diso limodzi pa inzake yapansi, gwirani Alt n'kudina pomwepo kuti nkhope izizungulira pa malo amenewo, ndiye pendeketsani, n'kukulitsa mutagwira Alt, mpaka diso linalo litagwirizana. Mukatero onani pakamwa. Ngati maso akhala bwino koma pakamwa papita patali, ndiye kuti mutu wina unawerama kuposa unzake, ndipo kukoka nkhope mbali imodzi kungomusandutsa munthuyo mlendo. Dinani Enter, mubwezere Opacity pa 100%.

Eraser musaigwire. Dinani Add layer mask pansi pa Layers, ndipo pambali pa leya pabwera kabokosi koyera. Masiki ndi yomweyo: pomwe mwapaka zakuda pamabisika, pomwe mwapaka zoyera pamaonekanso. Onetsetsani kuti mwadina kabokosiko, chifukwa mukadina chithunzi chenichenicho Photoshop ikana kupaka. Tengani burashi ndi B, Hardness ikhale pa 0%, mtundu wakuda. X ndiye amasinthanitsa wakuda ndi woyera.

Apa m'pomwe ambiri amaphonya, pofuna kusunga nkhope yonse yatsopano. Tsitsi, makutu, nsagwada ndi chibwano zisiyeni zikhale za mutu wapansi, chifukwa ndi zomwe zinagwirizana kale ndi khosi, kolala ndi kuwala kwa pamalopo. Kuchokera pa nkhope yatsopano sungani nsidze, maso, mphuno, ndi pakamwa ngati pakufunika. Msoko udutse pakhungu losalala, pachipumi ndi pamasaya. Ukadutsa pa nsidze kapena ndevu, muona nsidze ziwiriziwiri zotuwa. Pamasaya gwiritsani burashi yaikulu, Opacity yake pa 30%, n'kupaka mobwereza. Mukadina \ zonse zobisidwa zioneka zofiira, ndipo timadontho tomwe munadumpha tionekera poyera.

Chatsala ndi khungu. Magetsi a muholo amapangitsa khungu kuoneka lachikasu, pomwe panja pamthunzi limapita kobiriwira ngati thambo. Pitani pa Layer > New Adjustment Layer > Curves, kenako dinani Ctrl+Alt+G kuti kusinthako kukhudze nkhope yokha. Yambani ndi kuwala pa RGB, kukweza kapena kutsitsa pakati pa mzere mpaka tsaya lifanane ndi khosi. Mukamaliza sankhani Blue n'kukweza pang'ono kuti chikasu chichepe. Pakhungu lakuda yang'anitsitsani pomwe pamanyezimira, pamphuno ndi pachipumi, chifukwa fulashi imasiya zigamba zoyera zomwe chithunzi cha panja chilibe.

Kenako kulitsani chithunzi ndi Ctrl+1, ndipo pa Layers dinaninso chithunzi cha leya ya nkhope, osati kabokosi ka masiki. Nkhope ikathwa kuposa makutu, ipatseni Filter > Blur > Gaussian Blur pang'ono, kuyambira pa 0.5. Ikasalala pomwe khosi lili ndi timchenga, onjezani Filter > Noise > Add Noise, mwina 1% kapena 2%, mutachonga Monochromatic. Sungani ngati PSD kuti maleya ndi masiki zisatayike, ndipo JPEG yopatsa eni ukwati muitulutse padera pa File > Export > Export As.