Kompyuta ikati "Undoing changes", isiyeni ibwerere yokha

Mwayatsa kompyuta m'mawa kuti mulembe lipoti, koma sikirini yangoti mbuu, timadontho tikuzungulira, pansi pake pali mawu akuti "We couldn't complete the updates. Undoing changes. Don't turn off your computer." Pa Windows 11 mawuwo amayamba ndi "Something didn't go as planned", pomwe pa Windows 7 ankati "Failure configuring Windows updates. Reverting changes". Onsewa akunena chinthu chimodzi: apudeti, kutanthauza zosintha zatsopano zomwe Microsoft imatumiza zokonzera Windows, yalephera kukhazikika, choncho Windows ikuchotsa zomwe inayamba kuyika n'kubwezeretsa zakale. Si vairasi ayi, ndipo kompyuta sinafe. Makalata anu, zithunzi ndi nyimbo sizikhudzidwa ndi ntchito imeneyi, chifukwa zomwe zikusinthidwa ndi mafayilo a Windows yeniyeniyo.

Kuti mumvetse chifukwa chake uthengawu umabwera nthawi yoyatsa, dziwani kuti apudeti imalowa m'magawo awiri. Gawo loyamba limachitika inu mukugwira ntchito: kompyuta imakoka mafayilo pa intaneti n'kuwakonzekeretsa. Koma mafayilo ena sangasinthidwe pamene Windows ikuwagwiritsa ntchito, monga mmene simungasinthire tayala la njinga muli pachishalo. Amenewo amadikira kuti kompyuta izime ndi kuyakanso, ndipo mpamene mumaona manambala akukwera, 30%, kenako 70%. Windows sitaya mafayilo akale nthawi yomweyo. Imawasunga pamodzi ndi ndandanda ya zonse zimene yasintha, kuti china chikakanika panjira ithe kutsata ndandandayo chobwerera m'mbuyo mpaka ifike pomwe inali dzulo. Kubwerera kumeneku ndiko mukuona pa sikirini.

N'chifukwa chake langizo langa loyamba ndi lakuti manja akhale kutali ndi batani lozimitsira. Pa nthawiyo mafayilo ena ndi atsopano, ena ndi akale, ndipo mukadula magetsi pakatikati mutha kutsala ndi Windows yosakanizika yomwe ingakane kuyaka. Ngati ndi laputopu, lumikizani chaja msanga. Ngati ndi kompyuta yapatebulo yopanda batire lothandizira magetsi akazima, phunziro lake ndi la mawa: musamavomere "Update and restart" pa ola lomwe magetsi amakonda kuthima kwanuko.

Nanga mudikire mpaka liti? Kompyuta yadisiki yachangu imatha kumaliza m'mphindi zochepa, pomwe yakale yadisiki yozungulira imatha kudya ola kapena kuposerapo, n'kuzima ndi kuyaka yokha kangapo. Zimenezo zisakuopseni. Ngati kompyuta yanu ili ndi kanyali kosonyeza ntchito ya disiki, kayang'aneni: kakamaphethira ndiye kuti ntchito ili mkati. Ine ndimati muipatse maola awiri kapena atatu. Pokhapokha nthawi imeneyo itadutsa popanda kusintha kulikonse ndi pomwe mungadinikize batani mpaka izime, n'kuyatsanso. Ikalephera kuyaka bwino maulendo angapo motsatizana, Windows imatsegula yokha tsamba lokonzera, ndipo pamenepo mumasankha Troubleshoot, kenako Advanced options, kenako Uninstall Updates. Dziwani kuti disiki ikakhala yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza zomwe zili pa disiki, pamenepa ingakufunseni kiyi ya manambala 48, ndiye ndi bwino kudziwiratu komwe inasungidwa.

Kawirikawiri simufika kumeneko. Kompyuta imamaliza kubwerera, mumalowa, zonse zili m'malo mwake, mtima n'kukhala pansi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, poganiza kuti nkhani yatha. Chomwe chinalepheretsa apudeti chikadalipo, ndipo Windows idzayesanso, mwina kukokanso mafayilo omwewo, bandulo yanu n'kumapita pachabe.

Ndinaziona kwa mayi wina amene amalemba za ndalama pa sukulu ina. Laputopu yawo inali ndi disiki ya 128 GB, ndipo kwa masabata angapo ankati akaizimitsa madzulo, m'mawa inkawadikiritsa ndi uthenga womwewo. Iwo anali atayamba kale kufunsa mtengo wa laputopu ina. Tinatsegula Settings, kenako Windows Update, kenako Update history (pa Windows 10 mumadzera pa Update & Security, n'kusankha View update history). Pamzere wa apudeti yolepherayo panalembedwa "Failed to install" ndi nambala iyi: 0x80070070. Nambala imeneyi imatanthauza kuti malo pa disiki sakukwanira. Titayang'ana disiki C:, kamzere kake kanali kofiira, patatsala malo osakwana 3 GB. Mavidiyo a ukwati wa mwana wawo ndi amene anadzaza mu Downloads. Tinawasamutsira pa disiki yakunja, tinatsegula Disk Cleanup n'kudina "Clean up system files", ndipo malo anakwera kudutsa 20 GB. Tinachotsa pulinta ndi fulashi zomwe zinali zolumikizidwa, tinayesanso, apudeti inalowa ulendo umodzi.

Onani kuti sitinachite kulota. Nambala ndiyo inatilozera, choncho ilembeni papepala ndendende, osadumpha chilembo. Mukaona 0xC1900101, makamaka posamukira ku mtundu watsopano wa Windows, nthawi zambiri vuto ndi dalaiva, kutanthauza kapulogalamu kamene kamayendetsa chipangizo monga pulinta kapena khadi ya zithunzi. Zulani zonse zakunja kupatula kiyibodi ndi mbewa, ndipo ngati munayika pulogalamu ina yoteteza ku mavairasi kuwonjezera pa yobwera ndi Windows, ichotseni kaye kwa kanthawi.

Mukaona 0x80073712, ndiye kuti fayilo ina yomwe Windows imafuna poyika apudeti yawonongeka kapena yasowa, ndipo kuzima kwadzidzidzi kwa magetsi ndi chimodzi mwa zomwe zingachititse zimenezi. Lembani cmd pamalo ofufuzira, sankhani "Run as administrator", n'kulemba malamulo awiriwa, lachiwiri pambuyo poti loyamba latha:

```
DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth
sfc /scannow
```

Loyambalo limakonza nkhokwe ya mafayilo a Windows, ndipo limafuna intaneti chifukwa limakatenga mafayilo abwino kuti alowe m'malo mwa owonongeka. Limakonda kuima pa nambala imodzi kwa nthawi yaitali ngati lakanirira, koma lisiyeni. Lachiwiri limayendera mafayilo amene akugwira ntchito n'kukonza olakwika pogwiritsa ntchito nkhokwe ija, n'chifukwa chake limabwera pambuyo.

Nthawi zina vuto silikhala kwa inu konse, apudetiyo ndiyo imakhala ndi chilema. Microsoft imatulutsa maapudeti achitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo wa mwezi wotsatira amakhala ndi zonse za m'mbuyo. Ngati malo alipo okwanira, malamulo aja sanapeze cholakwika, koma kulephera kukupitirira, dinani Pause updates. Imalola kuimitsa mpaka masabata asanu, nthawi yokwanira kuti ina ituluke. Kuzimitsiratu maapudeti sindikulimbikitsa, chifukwa kompyuta yomwe yabwerera m'mbuyo ija ilibe chitetezo chomwe apudetiyo inabweretsa.

Chizindikiro chimodzi chokha ndicho chimandichititsa kunena kuti pitani nayo kwa amisiri: kulephera kwa apudeti kukamabwera limodzi ndi disiki yolira kuti kete kete, mafayilo okana kutseguka, kapena kompyuta yongouma pafupipafupi. Pamenepo disiki ingakhale ikutha, ndipo kuyesa apudeti mobwerezabwereza kumangoitopetsa. Yambani mwakopera mafayilo anu ofunika pa fulashi kapena pa disiki ina musanainyamule.