Mwana watentha thupi usiku: munyamuke pompano kapena mudikire kuche?

Ndine namwino, ndipo funso limene ndimalandira kawirikawiri pa foni usiku ndi lakuti, “Anesi, mwanayu watentha thupi, kodi ndi malungo?” Dzina la matenda sinditchula, chifukwa malungo sadziwika ndi dzanja, mpaka magazi ayezedwe. Chimene mungathe kudziwa muli kunyumba ndi nthawi yonyamukira. Ndimawauza makolo chonchi.

Yambani ndi msinkhu. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, palibe choyeza china. Liberekeni, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzinso likazizira thupi modabwitsa kapena likasiya kuyamwa bwino. Musapite nalo ku kiliniki ya m’mudzi ya mlangizi wa zaumoyo, poti kumeneko amathandiza ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka zisanu.

Ngati ndi wokulirapo, muyezeni kutentha. Amene muli ndi kachipangizo koyezera, kaikeni kukhwapa, kakaonetsa 37.5 kapena kupitirira, thupi latenthadi. Ngati mulibe, gwirani pamimba kapena kukhwapa ndi kuseri kwa dzanja lanu. Koma nambala isakutengeni mtima kwambiri. Ine ndimaopa mwana wofunda pang’ono amene wangoti lefu kusiyana ndi wotentha kwambiri amene akulimbirana chidole ndi mkulu wake.

Kenako mpatseni bere kapena madzi, muone. Pali zizindikiro zinayi zimene chimodzi chokha ndi chokwanira kuti mudzutse wa kabaza: mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse chimene walowetsa, wakomoka kapena kugwidwa njirinjiri, kapena wafooka moti mukamugwedeza sakudzuka bwinobwino, sakukutsatani ndi maso. Kusanza kamodzi n’kuyamwanso si kumene ndikunena. Ndikunena kuti ngakhale supuni imodzi ya madzi ikubwerera. Onjezanipo khosi louma, liwombo lotupa, ndi zikhatho zoyera mbuu.

Tsopano kupuma, pamene makolo ambiri amalakwitsa. Dikirani mwana akhale chete, chifukwa wolira amapuma mothamanga ngakhale ali bwino. Vundukulani malaya, yang’anani pamimba, muwerenge kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya foni. Mimba ikakwera n’kutsika, n’kamodzi. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika pa 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika pa 40, akupuma mothamanga, ndipo aonedwe kuchipatala osataya nthawi. Yang’ananinso m’munsi mwa nthiti. Pakamalowa mkati pamene akukoka mpweya, nyamukani basi.

Tiyerekeze kuti wanu ali ndi miyezi 9, ndipo cha m’ma 9 koloko usiku chipangizo chaonetsa 38.6. Wayamwa bwino, sanasanze, akukuyang’anani, ndipo mwawerenga 42. Ameneyu angagone kunyumba. Mpunguleni zovala, osamuunjikira mabulangete kuti “atuluke thukuta”, muyamwitseni pafupipafupi, ndipo mungamupatse panado wa ana pa mlingo umene achipatala anakuuzani. Asipulini ayi. Mudzuke pakati pa usiku mumuonenso, ndipo kukacha mupite naye akayezedwe magazi, asanathe maola 24 chiyambireni kutentha. Kuno kwathu malungo amathamanga mwa ana. Koma mukadzuka 1 koloko n’kupeza akukana bere, kapena mwawerenga 56, nkhani yasintha, musadikire tambala.

Panado amanamiza, ichi ndichinene poyera. Thupi limazizira, agogo n’kunena kuti mdzukulu wachira, ulendo wa m’mawa n’kulephereka, pamene chimene chinayambitsa chikadali m’thupi. Ndipo LA wotsala wa mwana wina musamupatse asanayezedwe.

Akakomoka muli kunyumba kapena panjira, mugonekeni chammbali pamalo osamuvulaza. Musaike supuni kapena chala m’kamwa, musamumwetse kanthu, musamufukize utsi.

Ponyamuka tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wamwa, a zitsamba omwe. Musatibisire, sitikufuna kukudzudzulani. Mukafika nenani zinthu zitatu: kutentha kunayamba liti, wayamwa kapena kumwa komaliza nthawi yanji, ndipo mwamupatsa chiyani. Ngati ali ndi chimodzi mwa zizindikiro zoopsa zija, musakhale pamzere mwaulemu. Pitani kutsogolo muuze wachipatala aliyense amene mwamuona kuti, “Mwanayu wakomoka,” kapena, “Sakuyamwa.”

Akalandira mankhwala koma n’kumatenthabe patatha masiku atatu, bwererani naye, ndipo akayamba kuipiraipira musadikire masikuwo. Ngati mwasokonezeka ndipo chipatala chili kutali, imbani 929, nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni. Koma mwana wokomoka kapena wosayamwa, imbani muli kale panjira.