Mmene mungabwererenso ku zitsulo mutapuma miyezi itatu

Munthu amene ankanyamula zitsulo n'kusiya, kaya chifukwa cha mayeso, matenda kapena ntchito ya kumunda, mphamvu zimamubwerera msanga kuposa amene akungoyamba. Anyamata a ku jimu amati minofu imakumbukira. Zimene zimakumbukira kwenikweni ndi ziwiri, ndipo sizibwerera tsiku limodzi. Ambiri amavulalira pamenepa.

Choyamba ndi ubongo ndi mitsempha yotumiza mauthenga ku minofu. M'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyambirira, wongoyamba kumene amawonjezera mphamvu ngakhale mkono sunakule kwenikweni, chifukwa ubongo ukuphunzira kudzutsa timaulusi ta minofu tambiri nthawi imodzi ndi kumasula minofu imene imakokera kwina. Luso limeneli siliiwalika msanga. N'chifukwa chake wakabaza wa ku Matawale angasiye njinga zaka zitatu koma akaikwera sagwa.

Chachiwiri chili m'kati mwa mnofu. Maselo ambiri a m'thupi ali ndi nyukiliyasi imodzi, yomwe imasunga malangizo opangira mapuloteni. Kaulusi ka mnofu n'kosiyana, kali ndi manyukiliyasi mazanamazana, aliyense akusamalira kachigawo kake. Mukamanyamula zolemera, timaselo tapadera tokhala m'mphepete mwa kaulusiko timagawikana n'kulowa m'kati, ndipo manyukiliyasi amachuluka. Mu 2010, gulu la Kristian Gundersen ku Yunivesite ya Oslo linaonetsa pa mbewa kuti manyukiliyasi atsopanowa amabwera mnofu usanakule, ndipo mnofu utafota amatsalabe kwa miyezi itatu. Mwa anthu zotsatira za kafukufuku zimasiyana, kwina amatsala, kwina amachepako, koma zoti mnofu umene unakulapo umakulanso msanga zaoneka mobwerezabwereza.

Tsono vuto nali. Mitsempha ya mauthenga imadzuka m'masiku ochepa, mnofu umatsatira m'masabata, koma mitsempha yolimba imene imalumikiza mnofu ku fupa imalandira magazi ochepa ndipo imachedwa kulimbanso. Mutu umakuuzani kuti mungathe pomwe bondo lisanakonzeke.

Titenge mnyamata wa ku Chinamwali amene ankachita masikwati, kapena kuti kunyonyomala n'kudzuka chitsulo chili paphewa, ndi makilogalamu 80, kasanu ndi katatu pa seti, ndiko kuti motsatizana asanapumule, ndipo wapuma masabata 12.

Sabata yoyamba atenge theka, makilogalamu 40, maseti awiri a maulendo 8, kawiri pa sabata. Aziona ngati n'zopepuka, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Sabata imeneyi ndi ya ubongo: atsike pang'onopang'ono kwa masekondi atatu, zidendene zisanyamuke, msana usapindike. Akayamba ndi kaimidwe kolakwika, ubongo usunganso cholakwikacho, chifukwa susankha chimene ukubwereza.

Sabata yachiwiri afike 50, maseti atatu. Yachitatu 60, yachinayi 65 kapena 70. Kuyambira pamenepo aziwonjezera makilogalamu 2.5 mpaka 5 pa sabata, ndipo 80 aifika chakumasabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Lamulo lopimira n'lakuti seti iliyonse ithe akadali ndi mphamvu zoti n'kunyamulanso kawiri kapena katatu. Akamanjenjemera pa ulendo wachisanu ndi chimodzi, abwerere ku kulemera kwa sabata yathayo. Pakati pa masiku a miyendo padutse maola 48, ndipo tsiku lopumalo si lokwera phiri mpaka ku Ku Chawe, chifukwa potsika ntchafu zimagwira ntchito yowawitsa kwambiri.

Manyukiliyasi sangamange popanda zomangira. Wolemera makilogalamu 70 amafunika mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 110 patsiku, kuwerengera 1.6 pa kilogalamu iliyonse. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho usipa, matemba a ku Chilwa, nyemba, soya ndi mtedza zizipezeka pa chakudya chilichonse, osati madzulo okha. Tulo tikwane maola 7 kapena kuposa.

Ululu nawo muziusiyanitsa. Kuphwanya kwa mnofu kumene kumayamba mawa lake, n'kukula tsiku lachiwiri, n'kutha pofika lachinayi kapena lachisanu, n'kwachibadwa. Ululu wobaya pamalo amodzi, monga pansi pa chivundikiro cha bondo kapena pachigongono, umene umakula mukanyamula, ndi mtsempha wa ku fupa ukudandaula. Chepetsani kulemera ndi theka kwa sabata, ukapitirira kaonaneni ndi dokotala.

Choopsa kwambiri chimagwera amene kale anali amphamvu, chifukwa ubongo wawo umatha kukakamiza mnofu wofooka kupyola muyezo. Timaulusi tikaphwanyika tambiri, zam'kati mwake zimalowa m'magazi n'kuwononga impso. Mukaona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ntchafu zitatupa ndipo mukulephera kupinda mwendo, musadikire kuti kuche. Pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba tsiku lomwelo, ndipo mukawauze kulemera kwa zimene munanyamula, maulendo ake, ndi nthawi imene munapuma.