Kanema wa makompyuta wa pagombe la Senga: masekondi asanu adakwanira

Ndinkafuna kanema wamfupi wopangidwa ndi pulogalamu ya makompyuta, wosonyeza msodzi akukoka khoka pagombe la Senga, ndipo ndidasankha masekondi 10. Masekondi anayi oyamba adatuluka bwino, koma pofika sekondi yachisanu ndi chimodzi zala za msodzi zidamatirirana ndi chingwe, nkhafi idasanduka mtengo wopindika, ndipo bwato lidayamba kusintha mtundu.

Chifukwa chake ndi chakuti pazithunzi 24 pa sekondi, masekondi 10 ndi zithunzi 240, ndipo kolakwika kakang'ono pachithunzi chimodzi kamakulirakulira m'zotsatira, makamaka pamene manja akugwira chinthu chopyapyala ngati ukonde pomwe madzi nawonso akuyenda.

Ndidagawa nkhaniyo m'zidutswa zitatu za masekondi anayi kapena asanu, chilichonse chokhala ndi chochitika chimodzi chokha: kukoka, kutsanula usipa m'dengu, kunyamula dengu. Kamera ndidayiimitsa malo amodzi. Chithunzi chomaliza chosaonongeka cha chidutswa choyamba ndidachiika ngati poyambira chachiwiri, kuti malaya ndi nkhope zisasinthe.

Nyanja yopanda munthu idapirira masekondi 10 osavuta. Manja ndiwo amayamba kuonongeka, choncho ndimayang'ana iwo poyamba ndisanadule.