Mmene ndinapezera yankho osawadziwa mizu yake

Mwana wa achemwali anga, amene amakhala nafe ku Area 25, anabwera ndi funso ili: mizu ya 2x³ − 6x² + 3x + 4 = 0 ndi α, β ndi γ, peza α² + β² + γ². Mizu ndi manambala amene ukawaika m'malo mwa x zimapereka 0. Tinayesa 1, 2, 4, −1, ngakhale theka, koma palibe inapereka 0. Pepala lonse mbuu ndi zofufuta.

Kenaka ndinakumbukira kuti mizuyo sitikuifuna ayi. Pa ax³ + bx² + cx + d = 0, kuphatikiza mizu kumapereka −b/a, apa 3. Kuchulukitsa iwiriiwiri n'kuphatikiza kumapereka c/a, apa 3/2. Kuchulukitsa yonse itatu ndi −d/a, apa −2.

Tsono α² + β² + γ² = (α + β + γ)² − 2(αβ + βγ + γα), ndiye kuti 9 − 3 = 6.

Iye anapeza 30. "Amalume, ndalakwa pati?" Anaiwala kugawa ndi a, yemwe pano ndi 2, nkutenga 6 ndi 3 momwe zilili. Ndinamuuza kuti aziyamba wagawa funso lonse ndi a. Funso lotsatira la 1/α + 1/β + 1/γ anachita yekha: n'chimodzimodzi αβ + βγ + γα kugawa ndi αβγ, ndiye kuti 3/2 kugawa ndi −2, nkupeza −3/4.