Muyezo wa chakudya cha sabata kwa munthu wokhala yekha

Amene mumakhala nokha pa lendi ku Ndirande, Mbayani, Bangwe kapena Zingwangwa, ndalama ya chakudya simathera pa kudya kwambiri ayi, imathera pa kugula pang'onopang'ono tsiku lililonse ndi kuphika mopanda muyezo. Lero kawokumani ka ufa, mawa kamafuta ka m'kapepala, mkuja timakala ta m'jumbo, mukaphatikiza zonsezo pofika Loweruka mupeza kuti mwalipira zambiri kuposa amene anagula kamodzi pa msika wa Limbe, ndipo nsima ina mwataya chifukwa poto wanu ndi wamkulu ndiye dzanja limangothira ufa.

Poyambira pake musamawerenge masiku, muziwerenga mbale. Sabata ili ndi nkhomaliro 7 ndi mgonero 7, ndiye kuti mbale 14 za nsima ndi ndiwo, kuonjezerapo kadzutsa 7. Chilichonse chomwe mukugula mudzifunse kuti chikwana mbale zingati mwa 14 zimenezi.

Tiyambe ndi ufa poti ndiye mutu wa nkhani. Sankhani kapu imodzi ya tiyi, ija ya mamililita 250, ikhale muyezo wanu ndipo musamasinthe. Munthu wamkulu wogwira ntchito wamba amakhuta ndi nsima ya kapu imodzi ndi theka ya ufa, omwe ndi pafupifupi magalamu 200. Mbale 14 ndi makapu 21, mukaonjeza phala la masiku 4 la theka la kapu tsiku lililonse ndi makapu 23, ndiye makilogalamu 3 a ufa akukwanirani sabata. Koma matupi ndi osiyana, amene amasenza katundu kapena kukumba maziko safanana ndi telala wokhala pa mashini tsiku lonse, ndiye masiku atatu oyamba muziyeza ndi kuona, ngati mtanda ukutsala chepetsani pang'ono, ngati njala ikukugwirani nthawi isanakwane onjezerani mpaka makapu 2. Ine ndimalangiza mgaiwa osati ufa woyera, chifukwa mgaiwa umakhalitsa m'mimba, madeya ndi mtima wa chimanga zimakhala momwemo, komanso mukagula chimanga n'kupita nokha ku chigayo simutayapo kanthu pokonola. Kungoti mgaiwa suchedwa kuyamba kafungo chifukwa cha mafuta ake, ndiye musagayitse wa miyezi iwiri, wa sabata ziwiri kapena zitatu basi, ndipo muuyanike uzizire musanautsekere mu ndowa.

Tsopano ndiwo. Tiyerekeze mnyamata wogwira ntchito ku Makata amene alibe fuliji, amaphika pa mbaula ndipo masana amadya zomwe wanyamula mu kontena. Mbale zake 14 tingazigawe chonchi: nyemba mbale 6, usipa kapena bonya mbale 3, soya pisi mbale 2, mazira mbale 2, imodzi yotsalayo masamba otendera. Kapu imodzi ya nyemba zouma ikapsa imafufuma kuposa kawiri ndipo imakwana mbale 3, ndiye pa sabata akufunika makapu 2 okha, osafika ndi theka la kilogalamu lomwe. Usipa ndi dzanja limodzi lodzadza pa mbale, soya pisi paketi yaing'ono ija muigawe pawiri musanathire m'madzi, mazira 4 kuti pa mbale akhale awiri.

Apa pa nyemba ndi pomwe ndikufuna tichedwepo chifukwa anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Amamva zoti kuphikiratu chakudya cha sabata yonse Lamulungu kumapulumutsa ndalama ndiye amaphika poto wodzadza, koma zimenezo ndi za anthu okhala ndi fuliji yomwe magetsi ake sakuzimazima, ndipo ngakhale mu fuliji ndiwo zophika zimangokhala bwino masiku 3 kapena 4. Opanda fuliji, makamaka kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno, nyemba musazisunge kupyola tsiku lotsatira. Ndiye phikani kawiri pa sabata, kapu imodzi Lamulungu ina Lachinayi. Viikani m'madzi usiku kapena kuyambira m'mawa, zimapsa msanga ndipo makala ambiri amapulumuka. Zikapsa musathire tomato ndi mafuta m'poto monse, patulani zomwe mudye nthawi yomweyo n'kukazinga zimenezo zokha, zotsalazo zikhale ndi mchere basi. Musanagone ziwiritseni mpaka zibwate ndithu, vundikirani, osapisamonso sipuni yomwe mwadyera, m'mawa wiritsaninso musanaike mu kontena, madzulo ake mumalize. Kungofunditsa si kuwiritsa, kuli bwino kutha timakala tochepa kusiyana ndi kukagona ku chipatala ndi m'mimba. Mukaona kathovu pamwamba musanaike pa moto, kafungo kowawasa kapena msuzi ukunanda, tayani, musayese kukonza ndi soda kapena kukazinganso.

Choncho kwa munthu wopanda fuliji kukonzeratu kwenikweni si kuphika, ndi kuyezeratu. Lamulungu mukabwera ku msika khalani pansi mugawe usipa m'magawo atatu, nyemba m'mabotolo awiri, nsinjiro yake payokha, kuti pofika Lachitatu mutatopa ndi ntchito musangotapa mwachisawawa. Usipa muuyanike kaye padzuwa ngati ukumveka chinyontho, apo ayi uchita nkhungu. Mtedza wa nsinjiro sankhani bwino, wofota, wakuda kapena wachuku ndi wotaya chifukwa chuku chimenecho ndi poizoni ku chiwindi, kapu imodzi ya mtedza wabwino ikwanira kutendera masamba ndi kuthira m'phala sabata yonse.

Mafuta ophikira ndi omwe amathawa mosadziwika. Sipuni imodzi yaikulu ndi mamililita 15, pa mbale 14 ndi mamililita 210, ndiye kabotolo ka mamililita 250 kayenera kufika Loweruka. Kakamatha Lachinayi dziwani kuti mukuthira kuchokera m'botolo osati ndi sipuni.

Zamasamba gulani kawiri. Mpiru, repu, nkhwani ndi bonongwe zimafota pakatha masiku awiri, ndiye zimenezi ndi za kumayambiriro kwa sabata ndipo mpukutu umodzi ndi mbale ziwiri, pomwe kabichi mmodzi wamng'ono amapirira, muzingosenda masamba akunja osamudula pakati ndipo akufikitsani kumapeto. Tomato 10 akwana, koma theka akhale osapsetsa kuti azipsa sabata ikuyenda, anyezi 4 apakatikati. Kadzutsa wa masiku 3 opanda phala aja ndi mbatata ziwiri zowiritsa ndi tiyi, buledi wa tsiku lililonse ndi amene amaboola bajeti. Nyengo ya mango, mapeyala kapena nthochi zikatchipa tengani chipatso chimodzi pa tsiku, poti pa magulu 6 a zakudya omwe a zaumoyo amalangiza gulu la zipatso ndi lomwe anthu okhala okha amaliiwala.

Mitengo ikusintha sabata ndi sabata ndiye chofunika ndi ndondomeko yogulira. Yambani ndi ufa, makala, nyemba, mafuta ndi mchere, kenako usipa ndi soya, mazira pomalizira, ndipo patulani kandalama ka tomato ndi masamba a Lachinayi mukaike pena musanachoke pakhomo. Ndalama ikaperewera musadule ufa kapena masamba, chotsani mazira muonjezere kapu yachitatu ya nyemba yophika Lachiwiri, yomwe ikupatsani mbale 3 m'malo mwa ziwiri za mazira zija, ndipo yotsalayo ndi ya mlendo amene angakupezeni mukupakula.